Kutsuka koyilo yakunja ya eyakoni: fumbi ndi zomera zimachepetsa kuzizira

Eyakoni ya zigawo ziwiri imachotsa kutentha m'chipinda n'kukakutaya panja. Gasi ndiye amanyamula kutenthako kudzera m'mapaipi a kopa mpaka ku bokosi lakunja. Kumeneko fani imakoka mpweya kumbuyo ndi m'mbali, kuudutsitsa pakati pa tizitsulo topyapyala ta aluminiyamu ta pa koyilo, yomwe ndi paipi yopindapinda yodutsamo gasi, n'kuutulutsira kutsogolo. Mpweyawo ukalephera kudutsa bwino, kutentha kumatsalira m'gasi.

Tiyerekeze kuti kunja kwatentha madigiri 35. Koyilo yoyera imataya kutentha gasi ali pa madigiri 45 mpaka 50. Ndiye pakhale mpanda wa maluwa kutsogolo kwa fani: mpweya wotentha umagunda masamba, n'kubwerera kumbuyo, n'kukokedwanso. Koyilo tsopano ikukoka mpweya wa madigiri oposa 40, ndipo ngati ilinso ndi fumbi, gasi amatha kufika pa 60. Kompuresa, yomwe ndi pampu ya gasiyo, imavutika kupopa, imadya magetsi ambiri, ndipo ikatentha kwambiri imazima yokha. N'chifukwa chake makina otere amaziziritsa bwino m'mawa koma masana amafooka. Ambiri amathamangira kuwonjezera gasi pomwe vuto ndi litsiro chabe.

Kuti mudziwe ngati koyilo yatsekeka, zimitsani makina, muunikire ndi tochi kumbuyo kwa koyilo. Kuwala kukapanda kuoneka mbali inayo, koyiloyo yatsekeka.

Musanatsuke, zimitsani ndi rimoti, kenako pa swichi yaikulu ya makinawo, ndipo dikirani mphindi 10 chifukwa tizipangizo tina ta m'kati, totchedwa makapasita, timasungabe magetsi. Chotsani masamba ndi udzu, kenako sesani ndi burashi yofewa kuchokera pamwamba kutsika pansi, motsatira mmene tizitsulo taimira. Mukasesa mopingasa timapindika.

Madzi akhale a paipi wamba yothirira maluwa. Lozetsani madziwo molunjika, osati chammbali, kuyambira pamwamba, mpaka otuluka pansi atayera. Makina otsukira a mphamvu, chonde, asayandikire: amagoneka tizitsulo kamodzin'kamodzi, ndipo kutiwongola ndi chipeso chake ndi ntchito yowawa. Mbali yomwe kumalowera mawaya musathireko madzi. Ngati litsiro ndi lamafuta, poperani mankhwala otsukira koyilo opanda asidi, asungunulidwe monga mwalembedwera pa botolo, akhale mphindi 5 mpaka 10, ndipo mutsukuluze bwinobwino, chifukwa otsalira amadya aluminiyamu. Koma mukaona banga la mafuta pamalo amodzi pa paipi, mwina gasi akutuluka pamenepo, itanani mmisiri.

Zomera zidulidwe kuti kumbuyo ndi m'mbali kutsale masentimita osachepera 30, kutsogolo mita imodzi kapena iwiri, pokhapokha buku la makinawo litanena zina. Zoyanga zichotsedwe ndi mizu yomwe.

Pakatha theka la ola muyatse, makina ayende mphindi 15, ndiye muyeze kutentha kwa mpweya wolowa ndi wotuluka m'chigawo cham'nyumba. Uyenera kusiyana ndi madigiri 8 mpaka 12. Ukasiyana pang'ono, yang'anani masefa am'kati musanaganize za gasi.