"Kaja koyera, kakang'ono, kozungulira" si dzina la mankhwala

Munthu amafika pakauntala, n'kusonyeza kampata kakang'ono pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kunena kuti, "Ndipatseniko kaja koyera, kakang'ono chonchi, kali ndi mzere pakati." Ndikafunsa dzina, amandiyang'ana ngati ine ndi amene sindidziwa ntchito. Ndakhala m'famasi muno mu Lusaka zaka zambiri, ndipo mawu amenewa ndimawamva pafupifupi tsiku lililonse. Kumbuyo kwangaku, pamashelefu, timapilisi toyera tating'ono tili mbwee. Pali puredinisoloni wa mphumu ndi zotupa, pali amulodipini wa bipi, pali gilibenkilamaidi wa shuga. Onse atatuwo amapezeka a mamiligalamu 5, ndipo kawirikawiri amakhala oyera. Mukawathira m'mbale imodzi opanda mapepala awo, ngakhale ine sindingalumbire kuti aka ndi kati.

Anthu ambiri sadziwa kuti kawirikawiri mtundu wa pilisi suchokera ku mankhwala amene ali m'katimo. M'pilisi ya mamiligalamu 5, mankhwala enieniwo ndi kafumbi chabe. Zotsalazo ndi ufa womangira pilisi kuti igwirike m'manja, ndipo utoto ndi kaumbidwe amasankha ndi fakitale. Mankhwala amodzimodzi amapangidwa ndi mafakitale ambiri, ochuluka a ku India, aliyense ndi chikombole chake. Amene amapita m'makiliniki a boma kudzera ku ZAMMSA, bungwe la boma logawa mankhwala, sachokera ku fakitale imodzi chaka ndi chaka. N'chifukwa chake mankhwala anu a bipi amatha kukhala ozungulira mwezi uno, miyezi itatu ikubwerayi n'kukhala ataliatali, koma dzina ndi mphamvu zili zomwezo. Zimachitikanso mosemphana: maonekedwe omwewo, mankhwala ena.

Pali nkhani imodzi imene imandibwererabe ndikamatseka shopu madzulo.

Mayi wina wa ku Mtendere anabwera Loweruka masana. Amayi ake, ambuya a zaka zopitirira 70, anali atafika dzulo lake pa basi kuchokera ku Katete kudzaona zidzukulu, ndipo kachikwama ka mankhwala anakaiwala kumudzi. Mayiyo anati amayi ake amamwa kapilisi kamodzi m'mawa uliwonse, koyera, kakang'ono. Ndinafunsa kuti n'ka matenda anji. Anati mwina bipi, mwina shuga, pakuti ambuyawo amangoti "mankhwala anga a ku chipatala". Ndinamuuza kuti aimbire foni amene watsala pakhomo ku Katete, atsegule kachikwamako, ajambule pepala la mankhwala n'kutumiza pa WhatsApp. Anati mlamu wake ali kumunda, foni yake ilibe kamera, abwera madzulo. Ndinati kamera siyofunika, awerenge zilembo chimodzichimodzi, ife tizilemba kuno. Ndinatinso abwere nawo ambuyawo tiwayeze bipi ndi shuga. Anangoti, "Chabwino, ndibweranso." Nkhope yake inasonyeza kuti waona ngati ndikumuvutitsa dala.

Sanabwerenso tsikulo. Anadutsira pa kantemba kena kamene amagulitsa mapilisi pamodzi ndi sopo ndi makandulo, ndipo mnyamata wa pamenepo sanafunse kanthu. Anangotulutsa timapilisi toyera khumi, n'kutikulunga m'kapepala. Ambuyawo atationa anavomera kuti ndi tomweto. Nanga akanakana bwanji, toyera, tating'ono?

Unali gilibenkilamaidi. Ambuyawo alibe matenda a shuga, awo anali amulodipini. Gilibenkilamaidi amakakamiza kapamba kutulutsa insulini, kaya munthuyo wadya kaya sanadye, ndipo mphamvu yake imakhalitsa m'thupi, makamaka mwa okalamba amene impso zawo zayamba kufooka. Lamlungu anamwa kamodzi, masana n'kumadandaula njala ndi chizungulire. Lolemba anamwanso, koma phala sanamalize. Pofika 10 koloko anali thukuta kamukamu, manja akunjenjemera, akuyankhula zosamveka, akuitana anthu amene anamwalira kalekale. A pabanjapo anagawanika. Ena ankati ndi sitiroko, ena ankati zawatsatira kuchokera kumudzi, ndipo anayamba aitana wowapempherera. Panapita maola asanapeze galimoto. Kuchipatala atawabaya chala, shuga anali pa 2 ndi kadontho, pamene wa munthu wabwinobwino asanadye amakhala cha pakati pa 4 ndi 6. Anawaika diripi ya shuga n'kuwagoneka, chifukwa ndi mankhwala amenewa shuga amatha kukwera kenako n'kugwanso. Anachira, koma mwana wawoyo atabwera kudzandiuza, anati mutu wa amayi ake unatenga masiku kuti ubwerere m'malo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti amulodipini amachoka pang'onopang'ono m'thupi. Kudikira mlamu uja mpaka madzulo, ngakhale mpaka m'mawa, sikukanawapweteka ngati mmene kapilisi kolakwika kanachitira. Sindikunena kuti mankhwala onse angadikire. A khunyu, insulini ndi ma ARV si odumphitsa, ndipo mukawaiwala paulendo pitani ku kiliniki yapafupi tsiku lomwelo mukafotokoze. Koma ngakhale amenewo sitipereka mongoyerekeza mtundu.

Ndiye mukatsala ndi maonekedwe okha m'mutu, muyambire pati? Pa zinthu zitatu zimene mukukumbukira, kaumbidwe, mtundu, ndi kumene munawaona, chamtengo wapatali ndi chachitatucho, chomwe anthu amachitchula pomalizira. Ngati munapatsidwa ku kiliniki, dzina la mankhwalawo linalembedwa penapake: m'kabuku kanu ka kuchipatala, pa khadi, m'faelo, kapena m'kompyuta ngati kilinikiyo imagwiritsa ntchito SmartCare. Ngati munagula ku famasi, bwererani komweko ndi tsiku limene munagula, ngakhale mongoyerekeza, ndi dzina la wodwalayo. Ngati munawaona m'nyumba mwa wachibale, muimbireni. Fufuzaninso m'madirowa, m'matumba a jekete ndi pansi pa chikwama. Kaenvelopu kapulasitiki kopanda kanthu, kapena kachidutswa ka pepala lasiliva lija mapilisi amakhalamo, n'kokwanira. Ngakhale patatsala zilembo zinayi zokha ndi nambala, ine ndimapeza poyambira. N'chifukwa chake zimandinyansa ndikaona munthu akutulutsa mapilisi onse m'mapepala awo n'kuwasakaniza m'kabotolo kamodzi ati kuti asamavutike. Mwataya dzina, mphamvu ndi tsiku lotha ntchito nthawi imodzi.

Pepala likasowa, timasefa ndi mafunso, ndipo mtundu umabwera kumapeto. Bambo wina anabwera akufuna "aja achikasu". Mapilisi achikasu amene amayenda kwambiri m'makomo mwathu ndingatchule atatu. Pali foliki asidi, kakang'ono kwambiri, kamene amayi oyembekezera amalandira ku sikelo pamodzi ndi mapilisi ofiirira owonjezera magazi, kamodzi patsiku. Pali piritoni wa mamiligalamu 4, kakang'ononso, wa chimfine ndi kuyabwa, uja amagonetsa tulo. Ndiye pali mankhwala a malungo amene ambiri amangowatcha kowatemu, okulirapo.

Ndinafunsa kuti, "Munkamwa angati nthawi imodzi, bambo?"

"Anayi m'mawa, anayi madzulo."

"Masiku angati?"

"Atatu. Anandipatsa ku Petauke, atandibaya chala."

Pamenepo nkhani inatha. Mapilisi 24 pa masiku atatu, munthu atayezedwa magazi pachala: ndi kowatemu wa munthu wamkulu. Onani kuti chikasucho chinangotipatsa atatu oti tisankhepo, koma chimene chinagamula ndi kamwedwe ndi kumene anawalandira. Onaninso kuti kudziwa dzina sikunatanthauze kuti ndimugulitse. Thupi likatentha si malungo nthawi zonse, ndipo munthu amene sanatuluke mu Lusaka miyezi ingapo ayenera kuyezedwa kaye. Anayezetsa, malungo sanapezeke, ndipo ndinamutumiza kuti akaonedwe ndi dokotala.

Ngati pilisi yeniyeniyo muli nayo m'manja, iyang'aneni pa kuwala, mbali zonse ziwiri. Ambiri ali ndi zilembo kapena manambala odindidwa. Alembeni ndendende mmene alili. Jambulani mbali zonse, pambali pake mutaika kandalama ka 50 ngwee kuti kukula kwake kuoneke, kenako bweretsani pilisiyo kapena chithunzicho ku famasi. Achinyamata amakonda kulemba zilembozo pa Google. Sindiletsa, koma masamba ambiri amene amazindikiritsa mapilisi mwa njira imeneyi anapangidwira mankhwala ogulitsidwa ku America, ndipo mapilisi athu ambiri sapezekamo, kapena mumapezeka ena ofanana nawo maonekedwe okha. Nambala yodindidwayo nthawi zina ndi mphamvu, nthawi zina ndi chizindikiro cha fakitale basi. Kufufuza pa foni kumathandiza kwambiri mukakhala ndi dzina lenileni, monga amlodipine kapena glibenclamide mmene amalembera pa bokosi, osati mukalemba kuti pilisi yoyera yozungulira.

Za makapisozi ndisatalikitse. "Aja ofiira ndi achikasu" anthu amatanthauza amokisisilini, koma makapisozi amitundu iwiri alipo ambirimbiri, ndipo amokisisilini yemweyo amabwera m'mitundu yosiyanasiyana. Komanso ndi mankhwala ofunika kalata ya dokotala.

Tsono ogulitsa a m'tuntemba, a m'misika ndi a m'mabasi aja. Munthu amene amakupatsani mankhwala mutangomufotokozera mtundu sakukuchitirani chifundo, akungofuna ndalama yanu isadutse. Mapilisi ake amakhala padzuwa tsiku lonse, ena anawachotsa m'mapepala kuti tsiku lotha ntchito lisaoneke, ndipo mawa zikavuta simudzamupeza. Lamulo la mankhwala la 2013 linapatsa ZAMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala, udindo wopereka chilolezo kwa ogulitsa mankhwala, ndipo famasi kapena shopu ya zaumoyo yovomerezeka imakhala ndi chikalata chake. Mukapanda kuchiona pakhoma, funsani. Palibe wogwira ntchito moona amene angakwiye ndi funso limenelo.

Ngati munthu wamwa kale pilisi yosadziwika n'kuyamba thukuta, kunjenjemera kapena kusokonekera mutu, musadikire kuti muone mmene kuchere. Akakhala kuti ali maso ndipo akutha kumeza, sungunulani masupuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga m'madzi, amwe, adye kanthu, n'kunyamuka kupita kuchipatala ngakhale aoneke kuti wapeza bwino. Akakhala kuti wakomoka, musamuthire chilichonse m'kamwa, angatsamwe. Mugonekeni chammbali, pezani galimoto. Pemphero lichitikire m'galimotomo. Ndipo mapilisi otsalawo, ndi kapepala komwe anakulungiramo, muwatenge.

Ambuya aja anabwerera ku Katete patatha milungu iwiri. Asananyamuke, mwana wawo anawabweretsa kuno. Ndinalemba dzina la mankhwala awo ndi mphamvu yake m'zilembo zikuluzikulu pa kakhadi, iwo n'kukamanga pa mfundo ya chitenje pamodzi ndi ndalama ya basi.