Mafunso a momwe tingadziwanirane ndi anthu pa webina ya Zoom

"Achemwali, ndalowa mawebina anayi koma ndimatuluka osadziwana ndi aliyense, ndikulakwitsa pati?"

Mwina simukulakwitsa achimwene, yambani mwaona mtundu wa msonkhano womwe mwalowa chifukwa pa Zoom ilipo iwiri. Ukakhala webina yeniyeni inu ndinu omvera basi, kamera yanu siyaka, mndandanda wa anzanu omvera simuuona, ndiye khomo lanu ndi chati yokha, nayonso ngati okonza aitsegula. Ukakhala msonkhano wamba mumaona mayina onse pa Participants ndipo nthawi zambiri mutha kulembera munthu mmodzi payekha. Mukangolowa yang'anani pamene mukulembapo meseji. Pakakhala Hosts and panelists ndiye kuti omvera anzanu sakuwerenga zomwe mukulemba, sinthani pakhale Everyone. Ambiri amapereka moni wautali kenako nkumadandaula kuti palibe wayankha, chonsecho moniwo wapita kwa okonza okha.

"Nanga mu chatimo ndilembe chani?"

Konzani dzina kaye. Anthu sangalembere Galaxy A12 kapena iPhone, pa msonkhano wamba dinani dzina lanu pa Participants musankhe Rename, muike dzina, ntchito ndi mzinda womwe muli. Kenako mzere umodzi wokwana, ine ndimalemba kuti ndimasoka mayunifomu a sukulu ku Highfield mu Harare ndipo ndikufuna odziwa kooda nsalu motchipa. Nambala ya foni musaponye pagulu, simukudziwa onse amene alimo. Funso la kwa olankhula liponyeni ku Q&A ngati ilipo, mu chati limakwiririka msanga ndi ma moni.

"Atatiika mu timagulu tonse tinangoti zii mpaka nthawi kutha."

Izi zimandiwawa chifukwa timaguluti, pa sikirini amalemba Breakout Rooms, ndi malo okhawo amene mumaonana maso ndi maso ndi anthu ochepa. Yambani inuyo, tsegulani maiki munene kuti tiyeni aliyense atchule dzina ndi chomwe chamubweretsa. Muli anayi ndipo akupatsani mphindi 10, aliyense mphindi imodzi, zotsalazo funso lomwe mwapatsidwa. Khalani ndi pepala ndi bolopeni pambali mulembe mayina pompo, musadikire kumapeto, okonza akatseka timagulu kawirikawiri pamabwera masekondi 60 owerengera ndipo m'masekondi amenewo aliyense amalankhula nthawi imodzi, palibe chimamveka.

Ndinaphunzira movutikira. Tsiku lina tinali anayi, mayi wina wa ku Lusaka akufotokoza kumene amaoda nsalu ya poliyesita pa mpukutu, ine ndikumvera mokoma osalemba kanthu, magetsi phethi, rauta yazima. Mmene ndimayatsa data ya pafoni nkulowanso ndinapezeka m'chipinda chachikulu ndekha ndi okonza, ndinachita kuwapempha mu chati kuti andibwezere ku gulu langa, mwayi nambala ya gululo ndinkaikumbuka. Ndinafika kutatsala mphindi ziwiri, choyamba chomwe ndinachita ndi kupempha imelo ya mayiwo. Panopa ikakhala webina yofunika ndimalowa ndi data ya pafoni kuyambira pachiyambi, foni itadzaza moto. Potuluka samalani batani, Leave Breakout Room imakubwezerani kwa anzanu onse, Leave Meeting imakutulutsani pamsonkhano wonse.

"Chati ndingaisunge?"

Pa laputopu dinani timadontho titatu mu chati musankhe Save chat, ngati okonza sanatseke zimenezo. Pafoni ingojambulani sikirinishoti. Chitani izi olankhula akayamba kuthokoza, okonza akatseka msonkhano mumatuluka nonse nthawi yomweyo.

"Meseji ya pambuyo nditumize liti, kuti ndisaoneke ngati wopemphapempha?"

Tsiku lomwelo kapena mawa lake, akadakukumbukani. Hie yekha kapena moni wopanda nkhani musatumize, munthu amene sakudziwani sayankha zotere. Kwa mayi aja ndinalemba chonchi: "Mayi, ndine wosoka mayunifomu wa ku Harare uja tinali gulu limodzi dzulo. Munatchula zooda nsalu pa mpukutu, kodi ochepetsetsa amalola mipukutu ingati? Inunso munafunsa za mitengo ya mayunifomu kuno, ndakulemberani m'munsimu." Munthu akaona kuti munamva zomwe ananena ndipo mwabwera ndi kena kake m'manja, kuyankha sikumuvuta. Mukapangana zoimbirana tchulani kuti nthawi ya Harare, ndi yofanana ndi ya Lilongwe ndi Lusaka koma ku Nairobi ali patsogolo ndi ola limodzi.

Akakhala chete dikirani sabata mukumbutse kamodzi, zikakanika asiyeni. Mayi aja anayankha patatha masiku atatu, ananditumiziranso nambala ya dalaivala amene amawanyamulira nsaluzo.