Kusintha mtundu wa khoma pa chithunzi koma mithunzi ikhalepo

Sabata yatha mayi ena a ku Chilomoni ananditumizira chithunzi cha pabalaza pawo, khoma la kirimu, akuti achimwene tandionetseni mmene lingaonekere litakhala la girini ndisanataye ndalama pa penti. Mwana wawo anali atayesa kale mu Photoshop, anangothira girini pamwamba basi, khoma kumaoneka ngati amatapo pepala, mthunzi wa mabagalabazi kusowa, timabampu ta pulasitala tonse kufufutika.

Chimene chimachititsa kuti khoma lioneke lenileni ndi kuwala ndi mdima zimene zagwerapo, ndiye leya ya mtundu, yomwe ili ngati pepala loyala pamwamba pa chithunzi, ikakhala pa Normal imakwirira zonsezo.

Ine ndinayamba ndi banga la chinyezi lomwe linali mmunsi pafupi ndi soketi. Ndinalizunguliza lokhalo ndi Lasso nkugwiritsa Content-Aware Fill, yomwe imadzaza malowo potengera pulasitala ya pambali. Chonde musasankhe khoma lonse kuti ilidzaze, imasokoneza mthunzi mpaka mizere ya mabagalabazi ija kupindika kapena kudukira panjira.

Masiki, yomwe imasankha pamene mtundu ufike ndi pamene usafike, ndi pamene pamadya nthawi. Quick Selection imagwira khoma mwachangu koma mmbali mwa sofa ndi felemu ya windo ndimadutsamo ndi Pen Tool, kenako Feather pikiselo 1 yokha. Mukachulutsa, girini amatayikira pa sofa. Mukokere chithunzi pa 200% muyende mmphepete monse, mukaona kamzere ka kirimu kakuzungulira katani ndiye kuti masiki sinafike, pitanipo ndi burashi yoyera.

Kenako ndinachotsa kaye kirimu uja ndi Hue/Saturation, Saturation pa -100, pa masiki yomweyo, chifukwa ukasiya chikasu cha pansi chimasakanikirana ndi mtundu watsopano nkutuluka wina amene kasitomala sanasankhe. Pamwamba pake Solid Color ya girini, nkuiika pa Multiply. Pamenepo mthunzi unabwerera, timabampu tija nkuonekanso. Ambiri amathamangira Color mmalo mwa Multiply, koma pa khoma lowala chonchi imangopereka girini wotuwa chifukwa imasunga kuwala mmene kunalili.

Dziwani kuti Multiply imangodetsa, siyiwalitsa. Khoma la buluu wakuda kuti likhale loyera muyenera kulikweza kaye ndi Curves, ndipo ngati chithunzicho anajambula ndi foni madzulo magetsi atazima, mumatuluka timadontho tambirimbiri, bola kuwapempha ajambulenso masana.

Chotsala chinali matailosi. Matailosi a mayi aja ndi oyera onyezimira, ndiye pansi pankaonekabe khoma la kirimu pamene mmwamba muli girini. Ndinapaka girini yemweyo pa leya ina ya Multiply, Opacity 15%, mbali ya kukhoma yokha, nkuwatumizira pa WhatsApp. Ndinawauzanso kuti akayambe agula kachitini kakang'ono apake pakona aone masana ndi usiku, poti sikirini ya foni yawo ndi penti wa mu shopu ku Limbe sizingafanane ndendende.