Mukanyozana pagulu kuntchito, kupepesa kumbali sikukwanira

Pa ntchito yanga yoyanjanitsa anthu amene ayambana kuntchito, funso loyamba limene ndimafunsa ndi lakuti, “Pamene munkakangana panali ndani?” Zoti analakwa ndani ndimafunsa pambuyo. Mkangano wa pagulu umasiya mabala awiri: nkhani imene munasiyana maganizo, ndi manyazi amene mnzanu anachita anthu akuonerera. Ambiri amathetsa nkhaniyo koma manyaziwo amawasiya, kenako n’kumadabwa kuti mnzawo akungoyankha moni ndi mutu.

Ndipereke chitsanzo cha abale athu awiri ogwira ntchito mu lesitilanti ina ku Fordsburg, kuno ku Joni. Wamkulu ndi bambo wa ku Mangochi, amene ankasunga bokosi la matipi n’kumagawa kumapeto kwa sabata. Tsiku lina munapezeka kuti mukuperewera marandi 600. Mnyamata woperekera zakudya anakuwa m’khitchini, manijala ndi antchito ena asanu ali pomwepo, kuti, “Madala, mumatibera inu!” Mawa lake zinadziwika kuti manijala ndi amene anatapamo ndalamazo kulipira wobweretsa gasi, n’kuiwala kulemba.

Mnyamatayo anatumiza uthenga pa WhatsApp usiku: “Pepani ngati ndinakulakwirani.” Bambowo sanayankhe, ndipo ine sindiwaimba mlandu. Mawu akuti “ngati” amasonyeza kuti wopepesayo sakuvomera kuti walakwa. Komanso anthu asanu ndi mmodzi aja anamva mawu akuti wakuba, koma uthenga wa pafoniwo sanauone. Kwa munthu amene ali kudziko la eni, amene ntchito amaipeza chifukwa wina wamuchitira umboni kuti ndi wokhulupirika, dzina la kuba likhoza kumutsekera makomo mpaka ku Mayfair ndi ku Randburg.

Ndinamuuza mnyamatayo kuti ayambe wakumana nawo awiriwiri, kunja kwa malo a ntchito, pasanathe masiku atatu. Tsiku lomwelo mitima imakhala isanazizire, koma sabata ikatha nkhani imakhala yafika kale kwa abale onse ndipo aliyense wasankha mbali. Anakumana ataweruka, poyembekezera tekisi. Ndinamulangiza kuti atchule mawu enieniwo amene ananena: “Bambo, ndinakutchulani wakuba pamaso pa anthu. Linali bodza, ndinakuchotserani ulemu, ndalakwa.” Asawonjezere “koma nanunso”, chifukwa “koma” amafufuta zonse zimene zanenedwa kumbuyo kwake. Akatero akhale chete. Bambowo anayankhula kwa nthawi yaitali, mawu akunjenjemera, ndipo mnyamatayo anapirira osawadula.

Gawo limene ambiri amalithawa ndi lobwerera pagulu. Madzi akatayika saoleka, n’zoona, koma amene anaona akutayika ayenera kumva kuti wotaya ndani. Apa wolakwiridwa ndiye amasankha mmene zichitikire, popeza ena safuna kuti nkhani idzutsidwenso mokweza. Bambowa anati zinenedwe pamsonkhano wa m’mawa, manijala alipo. Mnyamatayo anaimirira n’kunena ziganizo ziwiri zokha: kuti zimene ananena tsiku lija sizinali zoona, ndiponso kuti wawapepesa. Kuchulutsa mawu pamenepa kumasandutsa kupepesa kukhala chionetsero, ndipo wolakwiridwayo amachita manyazi kachiwiri.

Kukhululuka kungabwere tsiku lomwelo, koma kukhulupirirana kumadikira kuona zochita. Tinagwirizana kuti matipi aziwerengedwa ndi anthu awiri tsiku lililonse potseka, n’kulemba m’kope, onse n’kusaina, ndipo aliyense wotapamo, ngakhale manijala, azilemba. Izi zinachotsa chimene chinayambitsa kukayikirana, ndipo zinateteza bambowo kuposa mawu okoma alionse.

Ndichenjeze pa zinthu ziwiri. Ngati zimene munanenazo zinali zoona, pepesani chifukwa chozinenera pagulu, koma musabweze choonadi. Nkhaniyo ipite kwa abwana mwa njira yodandaulira ya pakampanipo. Ndipo ngati mkanganowo wachititsa kuti wina achotsedwe ntchito, kupepesana sikuimitsa masiku. Lamulo la ntchito la dziko lino, la chaka cha 1995, limapereka masiku 30 okha kuti munthu akadandaule ku CCMA, bungwe loona za mikangano ya pantchito, kuti wachotsedwa mopanda chilungamo. Ndaona anthu akutaya mwayi umenewu podikira kuti akuluakulu a kumpingo kapena kumzikiti ayambe awayanjanitsa.

Mudzadziwa kuti zinthu zikubwerera m’malo osati pomva mawu akuti “zinatha”, koma mnzanuyo akayambanso kukudalirani pa kanthu. Kwa awiriwa panapita pafupifupi miyezi iwiri akungopatsana moni wouma. Kenako tsiku lina bambo aja anafuna kupita ku Park Station kukatumiza katundu kumudzi pa basi, ndipo amene anamupempha kuti awagwirire shifiti ndi kusunga kiyi wa bokosi la matipi anali mnyamata yemwe uja.