Chitenje chikagwira moto, musathamangire kumpopi

Ndine namwino, ndipo ndimagwira ntchito kuwodi ya anthu opsa ndi moto kuno ku Lilongwe. Ikangofika Juni ndi Julayi, anthu atayamba kulowetsa mbaula m'nyumba, mabedi athu amadzaza. Wodwala aliyense amene zovala zinamuyakira pathupi timamufunsa funso limodzi: moto utagwira munatani? Yankho lake ndatopa nalo. "Ndinathamanga." Wina anathamangira kumpopi, wina panja kukaitana anthu, wina anangothamanga osadziwa kolowera.

Aliyense wophika pambaula amadziwa kuti makala akamazilala timawakupiza ndi chivundikiro cha poto kuti ayake. Munthu wothamanga chovala chikuyaka akuchita zomwezo pathupi pake. Komanso lawi limakwera m'mwamba. Moto umene wagwira kumpendero kwa chitenje, mwini wake ali chiimire, umadutsa ntchafu, mimba ndi chifuwa n'kufika kukhosi ndi kumaso m'kanthawi kochepa kwambiri, asanamalize n'kukuwa komwe. Chilonda chimene chikanathera pamwendo chimasanduka cha thupi lonse, ndipo utsi wotentha umalowa m'mphuno.

Choyenera kuchita ndi ichi. Imani pomwe mulipo. Dzigwetseni pansi, ngakhale pakhale pafumbi kapena pamatope. Phimbani kumaso ndi zikhatho, pokhapokha ngati manja a malaya ndi amene akuyaka. Tambasulani miyendo, ndipo gubuduzikani uku ndi uku, mbali yoyakayo izikanikizika pansi, mpaka lawi lonse lithe. Si kugubuduzika kamodzi n'kudzuka kuti muone ngati wazima. Mukagona, lawi silikhalanso ndi njira yokwerera kumaso, ndipo pamene thupi lapsinja nsalu pansi mpweya sufikapo, moto umafa. Chitenje chongokulunga m'chiuno, chimene chingamasuke ndi dzanja limodzi, chimasuleni chigwe. Koma diresi, bulauzi kapena juzi yoyaka musaivule kudzera kumutu, mudzapsa nkhope ndi tsitsi.

Amayi ambiri amaphika mwana ali kumbuyo. Pamenepo simungagubuduzike. Gwadani msanga, masulani mbereko, mwanayo mumuike patali kapena wina amulande, kenako mugone pansi. Agogo ndi amayi oyembekezera amene sangathe kugubuduzika agone chammbali, ena awazimitse.

Ndipo kunena zoona, munthu amene akuyaka nthawi zambiri nzeru zimamuthawa. Amene angamupulumutse ndi inu muli pambalinu. Mugwetseni, musamunyengerere. Ngati pali ndowa ya madzi pafupi, mukhuthulireni. Ngati palibe, tengani bulangeti lochindikala, thaulo kapena jekete, mumufunditse kuyambira m'khosi kutsikira kumapazi kuti lawi lithawe nkhope, n'kumapsinja ndi manja. Mutu musaukulunge. Mabulangeti ambiri otsika mtengo a pamsika ndi a ulusi wa pulasitiki, amasungunuka, choncho ngati n'kotheka linyowetseni kaye. Thumba la feteleza kapena la pulasitiki musaligwiritse ntchito n'komwe. Moto ukazima, chotsani bulangetilo nthawi yomweyo, chifukwa likakhala limasunga kutentha. Ngati chovala chinanyowa ndi palafini kapena petulo, kugubuduzika kokha mwina sikungakwane, moto umatha kubukanso. Apo bulangeti lonyowa ndi madzi ambiri n'zofunika, ndipo munthuyo mumuchotse pamalo pamene mafutawo atayikira.

Pano ndinene nkhani imene imandiwawa mtima. Pakati pa anthu amene amabwera atapsa moopsa pamakhala odwala khunyu ambiri amene anagwera pamoto. Ena amapsa mpaka kufupa chifukwa achibale anaima n'kumaonerera, poopa kuti akamukhudza kapena thovu likawagwera atenga matendawo. Khunyu sapatsirana pokhudzana, ngakhale kudzera m'malovu. Munthu akagwera pamoto mukokeni pompo.

Lawi likazima, ntchito sinathe. Khungu limakhala lasunga kutentha ndipo limapitiriza kupsa mkati. Thirani madzi ozizira wamba, a pampopi kapena a pamjigo, kwa mphindi 20. Ndikuti 20, muyang'ane nthawi pafoni. Kapu imodzi yongowaza sithandiza. Ngati madzi ndi ochepa, monga zimakhalira mipopi ikauma, ikani beseni pansi, muzitunga ndi kapu n'kumathira mobwereza, kapena muzisinthasintha nsalu zoyera zonyowa. Mukachedwa kuyamba, madzi amathandizabe mkati mwa maola atatu oyamba. Madzi oundana a m'firiji ayi, amafinya mitsempha ya magazi n'kukulitsa chilonda. Mwana wamng'ono amazizidwa msanga, makamaka m'mamawa wa Juni, ndiye muziziritse popsapo pokha, kwinako mumufunditse. Akayamba kunjenjemera lekani.

Mukuthira madzi choncho, vulani mphete, zibangili, wotchi ndi lamba thupi lisanatupe. Mphete yosiyidwa pachala chotupa imatseka magazi, ndipo chala chimatha kuduka. Zovala zimene sizinamatire zichotseni, kuzidula ndi sizasi n'kwabwino. Koma nsalu ya nayiloni kapena poliyesitala imene yasungunuka n'kukanirira pakhungu musaimatule. Dulani mozungulira, yomatirirayo tikachotsa ife. Matuza musaboole. Pomaliza phimbani ndi nsalu yochapa yosatuluka ubweya, mosamanga kwambiri, muuyambe wa kuchipatala.

Pali mayi wina amene sindimuiwala. Anali wazaka za m'ma 30, wogulitsa mandasi, ndipo ankakazinga m'bandakucha pakhonde. Atatembenuka kuti atenge beseni, chitenje chinakhudza mbaula. Anathamangira kumpopi wa kuseri kwa nyumba, koma madzi anali atasiya usiku. Pomwe mwamuna wake ankamupeza n'kumugwetsa, moto unali utadya ntchafu zonse kutsogolo, mimba ndi mbali ya chifuwa. Anansi anabwera ndi mtima wofuna kuthandiza. Wina anaswa mazira aawisi, wina anabweretsa mankhwala otsukira mano, ndipo kutacha anaitanitsa munthu wa zitsamba amene anapaka phulusa losakaniza ndi mafuta. Palibe amene anathira madzi, poti amati madzi amatulutsa matuza. Mayiyo sankalira kwambiri, ndiye onse anati zili bwino. Anafika kwa ife tsiku lachitatu, atasiya kukodza.

Kusalirako ndi kumene kunawanamiza. Chilonda chapamwamba chimakhala chofiira, chonyowa, ndipo chimapweteka koopsa. Chilonda chozama chimaoneka choyera kapena chakuda, chouma, cholimba, ndipo sichipweteka kwenikweni chifukwa timitsempha tomvera ululu tapsa. Chotere sichipola chokha, chimafuna kuti madokotala achotse khungu lakufa n'kuikapo lina lochokera pamalo ena a thupi. Munthu wopsa kwambiri amene wangokhala phee amatiopsa kuposa amene akukuwa.

Chachiwiri chimene sanadziwe ndi madzi a m'thupi. Timayeza kukula kwa chilonda ndi chikhatho cha wodwalayo: chikhatho chake pamodzi ndi zala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a khungu lake. Mayiyu anapsa pafupifupi zikhatho 25, ndipo ankalemera makilogalamu 60. Mwa kawerengedwe kamene timayambira, ka mamililita 4 pa kilogalamu iliyonse pa chikhatho chilichonse, ankafunika malita 6 a diripi tsiku loyamba, ndipo malita atatu mwa amenewo m'maola 8 oyamba kuchokera pamene anapsa. Maola amenewo timawerenga kuyambira pamoto, osati pamene wafika pachipatala. Munthu akapsa malo aakulu, madzi amatuluka m'mitsempha ya magazi n'kupita m'minofu ndi pachilonda, magazi ofika ku impso amachepa, impso zimaima. Palibe phala kapena thobwa limene lingabweze madzi ochuluka choncho. Mayiyu anakhala maola onsewo pamphasa atapakidwa phulusa.

Titamulandira, tinayamba ndi kukolopa zonse zimene anamupaka kuti tione chilonda chenicheni. Ululu wa ntchito imeneyo sindiufunira munthu. Pansi pake panali patayamba kale mafinya ndi fungo. Impso zinabwerera, mwamwayi, koma anagona nafe miyezi, analowa kuthiyeta kangapo, ndipo anatuluka khungu la pamimba ndi m'mphechepeche litakokana moti sankatha kuwongoka bwino. Ndikamaganiza za iye, ndimaona kuti pa khonde pomwepo panali dothi lokwanira kugubuduzikapo, ndipo m'nyumba munali ndowa ya madzi akumwa.

N'chifukwa chake ndimakwiya ndi zopakapaka. Mazira aawisi amabweretsa tizilombo pachilonda chotseguka. Mankhwala otsukira mano amangomveka kuzizira, koma amauma n'kumatirira. Mafuta ophikira, majarini ndi oyilo wa galimoto amatsekera kutentha mkati. Ufa, mchere, dothi, ndowe, ubweya wa kalulu, zonsezi taziona. Ndowe ndi dothi zimatha kubweretsa kafumbata. Ngakhale mankhwala apepo aja ambiri amasunga m'nyumba amadetsa chilonda moti sitingaone msanga kuzama kwake. Ndipo amene akukuuzani kuti ali ndi mankhwala "otulutsa moto m'thupi" akukudyerani ndalama, komanso akukudyerani maola aja amene impso zikuwafuna. Mapemphero pempherani ndithu, koma mupempherere m'galimoto mukupita.

Tsono ndi liti pofunika kuthamangira kuchipatala? Ngati zovala zinayaka pathupi, ine ndimati nthawi zonse, tsiku lomwelo. Koma pali zina zosafunika kudikira ngakhale kuti kuche. Mwana aliyense wamng'ono kapena wokalamba. Chilonda cha kumaso, m'khosi, m'manja, kumapazi, kumaliseche kapena molumikizana mafupa. Chilonda chozungulira mkono, mwendo kapena chifuwa, chifukwa chikatupa chimafinya ngati chingwe. Mwana wopsa zikhatho zake 10, kapena wamkulu wopsa 15, akufunika diripi mwachangu. Pitani kuchipatala chimene chili pafupi kuti akamuike diripi, kumupatsa mankhwala a ululu ndi jakisoni wa kafumbata. Zikakhala zazikulu amutumiza ku Kamuzu Central, kumene kuli gawo losamalira anthu opsa. Panjira mufunditseni, ndipo ngati ali maso, sakusanza, azimwa pang'onopang'ono madzi kapena thanzi.

Yang'anitsitsani kumaso kwa amene moto unamufika m'khosi, kapena amene anapsera m'chipinda chotseka. Tsitsi la m'mphuno ndi nsidze zikawauka, m'kamwa kapena m'makhololo mukakhala mwaye, mawu akasasa, ndiye kuti njira ya mpweya yapsa mkati. Munthu wotere amatha kuyenda yekha n'kumalankhula, koma pakapita maola ochepa kukhosi kumatupa n'kutsekeka. Musamugoneke chagada, akhale tsonga. Pezani galimoto nthawi yomweyo, ndipo mukafika musaime pamzere: uzani namwino woyamba kumuona kuti wodwala wanu wapsa kumaso ndipo mawu asintha.