Maimelo 11,000 osawerenga, ndiye mukuti tingofufuta zonse?

Sabata yathayi kushopu kwanga kuno pa Chitakale kunabwera bambo ena amene amaperekeza alendo kukwera phiri la Mulanje kudzera ku Likhubula, atanyamula foni m'manja, akuti achimwene tandionereni imelo yangayi yafa. Kuyang'ana imelo inali yamoyo bwinobwino, kungoti munali maimelo osawerenga 11,000 ndi kanthu. Chomwe chinawawawa ndi choti alendo anayi anawalembera kufunsa zokwera Sapitwa, iwo anadzaiona imeloyo patatha masabata awiri itakwiririka pansi pa zotsatsa nsapato, za kubetcha mpira, za ntchito za ku Dubai ndi ma notifikeshoni a Facebook, alendowo anali atapita kale ndi munthu wina. Nde akuti ingofufutani zonse tiyambirenso.

Ndinakana. Kufufuta ndi ntchito yomaliza, ndipo anthu ambiri amene amabwera kwa ine akulira amakhala anayambira komweko. Imelo mukaifufuta mu Gmail imakakhala mu Trash masiku 30 basi, kenako yapita. Mu 11,000 muja munali ma lisiti, makalata aku banki, ndi alendo akale amene mwina chaka chamawa adzabweranso ndi anzawo.

Tinakhala pa kompyuta, chifukwa apu ya Gmail ya pafoni ilibe popangira fyuluta, sefa yosankhira maimelo akamalowa. Ngati kompyuta mulibe mutha kutsegula Chrome pafonipo n'kusankha Desktop site, zimatheka koma zilembo zake zimachepa mpaka maso kuwawa, bola kupempha laputopu ya mnzanu ola limodzi. Ubwino wake fyuluta imakhala ku akaunti osati mu kompyutamo, mukapanga kamodzi imagwira ndi pafoni pomwe, ngakhale foniyo itazima.

Tinayamba ndi kupulumutsa zofunika. Lebulo ili ngati chizindikiro chimene mumalemba pathumba la chimanga popita kuchigayo, thumba silisuntha koma mumalizindikira msanga pakati pa matumba a anthu ena, ndipo imelo imodzi itha kukhala ndi malebulo awiri, apa ndi pamene imasiyana ndi foda. Fyuluta ndi sefa basi, imelo ikamalowa imadutsa pamenepo n'kuchitidwa zomwe munalamula. Bambowa tinawapangira malebulo awiri okha poyamba, Alendo ndi Ndalama. Ndimaona anthu akupanga malebulo 25 tsiku limodzi chifukwa cha changu, pakatha mwezi sakumbukiranso kuti iyi inali ya chani.

Alendo awo amalemba mu Chingerezi ndipo mawu ake amakhala omwewomwewo, nde mu bokosi losakira pamwamba paja tinalemba

```
subject:(booking OR hike OR Sapitwa OR Chambe)
```

OR ameneyo akhale wa zilembo zazikulu, mukalemba zazing'ono Gmail imamutenga ngati liwu wamba. Panatuluka maimelo 63, tinawayang'ana kaye kuti ndi a alendodi, kenako tinadina kachizindikiro kakumanja kwa bokosilo, Create filter, n'kuchonga Apply the label ndi Star it. Pansi penipeni pali kabokosi ka Also apply filter to matching conversations, kameneka anthu amakaiwala kenako amati fyuluta sikugwira, pomwe ikugwira koma pa maimelo obwera mtsogolo okha, akale siwakhudza. Ya Ndalama tinagwiritsa `from:` ndi adilesi yeniyeni imene banki yawo imatumizira, tinachita kuikopa pa imelo yakale. Pamenepo ndi pomwe tinachonga Never send it to Spam. Pa fyuluta ya alendo ija sindinachonge dala, chifukwa wakuba aliyense atha kulemba booking pamutu wa imelo ndipo mukhala mwamutsegulira chitseko nokha.

Tsopano zinyalala zija. Tinalemba liwu limodzi lokha, `unsubscribe`, panatuluka pafupifupi 8,700. Bambo aja anagwira mutu kuti ndiye tigona pano eti, koma apa ndi pamene pali nkhani. Maimelo ndi ambiri koma owatumiza ndi ochepa. Tinawerenga otumiza pafupifupi 140, ndipo 12 okha ndi amene anatumiza oposa theka, webusaiti imodzi ya ntchito inkatumiza katatu patsiku kwa zaka zinayi, werengani nokha. Ndiye musamalimbane ndi imelo imodziimodzi, limbanani ndi wotumiza, kuyambira amene akusokosa kwambiri.

Kuyambira mu 2025 Gmail inaika malo otchedwa Manage subscriptions ku menyu yakumanzere, pafoni ponse alipo, amakundandalikirani onse amene amakutumizirani ma nyuzileta kuyambira wotumiza pafupipafupi, aliyense ndi batani lake lomuletsera pambali. Ngati kwa inu sakuoneka, tsegulani imelo imodzi ya wotumizayo, pamwamba pafupi ndi dzina lake pamakhala Unsubscribe. Batani limenelo ndi la Gmail, ndi limene ndimalikhulupirira kuposa kalinki kobisika pansi pa imelo. Chiyambire 2024 Google ndi Yahoo amalamula kuti amene amatumiza maimelo ochuluka, kwa Google ndi oposa 5,000 patsiku, aziika njira yoletsera ndi kudina kamodzi ndipo azikuchotsani pasanathe masiku awiri. Choncho mawa lake ikabweranso ina musapse mtima, koma sabata ikatha akutumizabe, ameneyo wachita dala, mupangeni Block, zake zonse zizikagwera ku Spam.

Koma si imelo iliyonse yofunika kuidina zoletsa. Ngati simukukumbukira kuti munalembetsako, adilesi yake ndi zilembo zosokonekera, akuti mwawina galimoto kapena akaunti yanu itsekedwa lero, musadine linki iliyonse mmenemo, chifukwa kudinako kumangowauza kuti adilesiyi ili ndi mwini wake ndipo amawerenga, azitumiza zochuluka. Imeneyo ndi ya Report spam basi. Ndipo tsamba lililonse limene likufunsa pasiwedi ya Gmail yanu kuti akuchotseni pa mndandanda ndi la akuba, kuletsa nyuzileta sikufuna pasiwedi ya imelo. Pali ma apu ena amene amati tikuletserani zonse kamodzi, ine sindiwakonda, mumawapatsa chilolezo chowerenga maimelo anu onse kuphatikiza aku banki aja, chifukwa cha ntchito yoti mukanaigwira nokha masana amodzi.

Tikamuletsa wotumiza, pompo tinkachotsanso katundu wake wakale. Mumasaka `from:` ndi adilesi yake, mumachonga kabokosi kosankha zonse pamwamba, koma kamangosankha za tsamba limenelo, nthawi zambiri 50, nde pamatuluka kamzere ka Select all conversations that match this search, mudine pamenepo kenako fufutani. A webusaiti ya ntchito aja anapita onse nthawi imodzi, oposa 4,000, bambo aja mpaka anaseka. Chenjezo ndi loti Gmail imamanga maimelo oyankhana pamodzi, ngati munayankhapo imelo ina mu gulu limenelo yankho lanu limapita nawo, choncho kwa wotumiza amene munachitapo naye bizinesi yang'anani kaye musanadine.

Apa ndiulule tchimo langa. Zaka zingapo zapitazo ndinadziona wochenjera, ndinapanga fyuluta yoti imelo iliyonse yokhala ndi liwu loti `unsubscribe` ichongedwe Delete it. Inibokosi inayera mbee, ndinanyada mpaka kuphunzitsa anzanga. Patatha miyezi iwiri bungwe lina limene ndinafunsirako kontirakiti yokonza makompyuta linandiimbira kuti bwanji simunabwere, kalata yondiitana inali ndi liwu lomwelo pansi chifukwa amatumizira pa makina omwe amatumizira ma nyuzileta awo, ndipo masiku 30 anali atadutsa kale. Ma lisiti ogulira zinthu pa intaneti, zikumbutso za misonkhano, ngakhale maimelo ena aku banki amakhala ndi liwu limeneli. Ndi labwino posaka kuti muone amene akukusokosani, koma musalipatse mphamvu yofufuta. Chiyambire tsiku limenelo Delete it ndimachonga pa adilesi imodzi yokha imene ndaitsimikiza, osati pa liwu.

Panatsala ma nyuzileta asanu ndi limodzi amene bambowa anati awa ndimawafuna, za nyengo, za anthu okwera mapiri, za maphunziro a chithandizo choyamba. Amenewa tinawapangira lebulo yachitatu, Zowerenga, fyuluta imodzi yokhala ndi maadilesi onse olumikizidwa ndi OR, n'kuchonga Skip the Inbox. Imelo yotere sifufutika, imangodumpha inibokosi n'kukakhala pansi pa lebulo yake komanso mu All Mail, mudzaiwerenge tsiku la chiperoni pamene palibe wokwera phiri. Ndinawasonyezanso kachinyengo kena, Gmail imanyalanyaza chilichonse cholembedwa pambuyo pa + mu adilesi, ndiye polembetsa zinthu zatsopano mutha kupereka `dzinalanu+nkhani@gmail.com`, imelo imafika kwa inu ndithu, ndipo fyuluta imodzi ya `to:` adilesi imeneyo imasesa zonse ku Zowerenga. Ma webusaiti ena amakana chizindikiro cha + koma ambiri amalola.

Mudziwa bwanji kuti fyuluta yalakwa? Nthawi zambiri simudziwa, chifukwa silira, imangogwira ntchito mwakachetechete. N'chifukwa chake ndimati sakani kaye muone zomwe zatuluka musanadine Create filter, zomwe mukuona pamenepo ndi zomwe idzagwire. Pakatha sabata tsegulani lebulo iliyonse komanso Spam muone ngati mwalowa mlendo wolakwika. Munthu akakuuzani kuti ndinatumiza koma inu simukuiona, sakani dzina lake ndi `in:anywhere`, popeza kusaka wamba sikuyang'ana mu Spam ndi Trash, ikapezeka pitani ku Settings, Filters and Blocked Addresses, mukaone fyuluta imene inaibisa. Ya alendo ija ilinso ndi malire ake, mlendo wolemba Hello yekha pamutu siimugwira, koma inibokosi ikakhala yopanda phokoso ameneyo amaoneka yekha.

Bambo aja anafunsanso ngati tsopano malo apezeka, popeza foni inkawauza kuti akaunti yatsala pang'ono kudzaza. Ndinawauza kuti asayembekezere zambiri. Google imapereka 15 GB zaulere zogawana pakati pa Gmail, Drive ndi Photos, ndipo ikadzaza maimelo amasiya kulowa, koma ma nyuzileta ndi opepuka, komanso zomwe zili mu Trash zimawerengedwabe mpaka zitachokamo. Zolemera mumazipeza ndi `larger:5M`, ndipo kwa iwo chomwe chinadya malo ndi zithunzi za pa Dziwe la Nkhalamba zomwe foni inkakweza yokha ku Photos, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Magetsi anathima titaletsa otumiza 50 ndi kanthu, inibokosi itapepuka kwambiri. Otumiza otsalawo ndinawauza bambowa kuti aziletsa khumi patsiku pafoni pomwepo akamadikira minibasi ya ku Likhubula, ndipo Trash asaikhudze mpaka mwezi uthe, mwina muli china chimene tafufuta molakwitsa.