Chiwongoladzanja cha fulati: chifukwa chake 36 peresenti imakhala yoposa 60

Mlamu wanga amagulitsa kaunjika. Tsiku lina anafika ku ofesi kwanga ali ndi fomu ya ngongole yopindapinda, nkhope ili ngwee. Bungwe lina lobwereketsa ndalama linali litavomera kumukongoza K600,000 yoti abweze pa miyezi 12, chiwongoladzanja 3 peresenti pamwezi. "Alamu, pachaka ndi 36 peresenti basi. Kwina kuja ankati 45, ndathawako." Nditaona pepalalo ndinamuuza kuti asasaine kaye, chifukwa pafupi ndi 3 peresentiyo panali liwu lomwe anthu ambiri amangolidumpha: fulati.

Pantchito yanga yowerengera ndalama, liwu limeneli ndakumana nalo kambirimbiri. Tanthauzo lake ndi lakuti chiwongoladzanja chimawerengedwa pa ndalama yonse imene munatenga tsiku loyamba, ndipo chimakhala chomwecho mpaka mwezi womaliza, ngakhale mwabweza kale yambiri. Kwa mlamu wanga, 3 peresenti ya K600,000 ndi K18,000. Mwezi uliwonse amayenera kupereka K18,000 imeneyo kuphatikizapo K50,000 yodula ngongole, zonse pamodzi K68,000. Pakutha pa chaka, chiwongoladzanja chokha chikanakwana K216,000. Mukachiyerekeza ndi K600,000, ndi 36 peresenti ndithu, ndipo wobwereketsayo sananame. Koma kodi mlamu wanga akanakhala nayo K600,000 yonseyo chaka chathunthu?

Ayi. Akanakhala nayo yonse mwezi woyamba wokha. Mwezi wachiwiri ndalama ya eni ake yotsala m'manja mwake ikanakhala K550,000, wachitatu K500,000, kumatsika choncho. Pofika mwezi womaliza akanatsala ndi K50,000 yokha, koma n'kumalipirabe K18,000 ngati kuti mpamba wonse udakali pamsika. Taganizani kuti mwachita lendi mdadada wa zipinda 12, ndipo mwezi uliwonse mukubweza kiyi wa chipinda chimodzi kwa landilodi. Iye akulowetsamo anthu ena, akutolera lendi kwa iwonso, koma inu akukulipitsanibe ya zipinda zonse 12. Za nyumba palibe angalole zimenezi. Pa ngongole timalola chifukwa choti sizioneka ndi maso.

Njira inayo, imene mabanki amagwiritsa ntchito kawirikawiri, ndi yowerengera chiwongoladzanja pa ngongole yotsala. Tikatenga 3 peresenti yomweyo n'kumadula K50,000 pamwezi, mwezi woyamba chiwongoladzanja ndi K18,000, wachiwiri K16,500, ndipo womaliza ndi K1,500 yokha. Zonse pamodzi zimakwana K117,000. Peresenti pa pepala ndi imodzimodzi, koma fulati yadya K99,000 yapamwamba.

Ndiye mtengo weniweni wa ngongole ya mlamu wanga ndi wotani? Mukaphatikiza ndalama zimene akanatsala nazo mwezi ndi mwezi n'kugawa ndi 12, mupeza K325,000. Imeneyo ndiye ndalama imene tinganene kuti akanaigwiritsa ntchito chaka chonse, kungopitirira pang'ono theka la imene anasainira. Ndipo K216,000 pa K325,000 ndi pafupifupi 66 peresenti. Masamu amenewa ndi a pamutu, amakweza pang'ono. Amene ali ndi Excel pa kompyuta kapena pa foni akhoza kupeza yankho lenileni polemba izi:

```
=RATE(12,-68000,600000)*12
```

Yankho limabwera pafupifupi 0.61, kutanthauza 61 peresenti pachaka. Pa ngongole yobweza pang'onopang'ono mofanana mwezi ndi mwezi, ine ndikamva peresenti ya fulati ndimangoichulukitsa kawiri n'kuchotsapo pang'ono, ndipo sindiphonya patali.

Apa m'pamene mlamu wanga anakhala chete. Ngongole ya 45 peresenti imene anaithawa ija inali yowerengera pa zotsala. Titawerengetsa, inkafuna pafupifupi K63,000 pamwezi, chiwongoladzanja chonse pafupifupi K156,000. Ya nambala yaikuluyo inali yotchipa ndi K60,000 kuposa ya nambala yaing'ono. Ndikuganiza kuti ichi ndicho chifukwa chachikulu chimene fulati siitha pamsika wa ngongole. Eni ake amati ndi yosavuta kufotokozera kasitomala, ndipo n'zoona, munthu amadziwiratu kuti ndi K68,000 mwezi uliwonse. Koma ngongole yowerengera pa zotsala nayonso imatha kugawidwa mofanana mwezi ndi mwezi, monga K63,000 ija. Chimene fulati imachita bwino ndi kuchepetsa nambala yolembedwa pa chikwangwani.

Pafomu paja panalinso kamzere kena ka zilembo zing'onozing'ono: 5 peresenti ya ndalama yoyendetsera ngongole ndi inshuwaransi, yodulidwa ndalama isanafike m'manja. Ndiye kuti mlamu wanga akanalandira K570,000, koma chiwongoladzanja n'kumawerengedwabe pa K600,000, ndipo K68,000 ya pamwezi osasuntha. Mukaika 570000 m'malo mwa 600000 m'masamu a pa Excel aja, mtengo umakwera kufika pafupifupi 72 peresenti. Ngongole yotsatsidwa ngati 36 yafika pa kawiri kake. Mabungwe ena amauzanso wobwereka kuti asungitse kaye gawo la ndalama ngati chikole, ndipo zotsatira zake n'zofanana: mukulipira chiwongoladzanja pa ndalama imene simunaigwire.

Tisaiweruze fulati mopitirira. Ngati ngongole mukubweza yonse kamodzi kumapeto, monga mlimi amene watenga ya feteleza mu Novembala n'kudzabweza zonse akagulitsa mbewu, ndalama yonse imakhaladi m'manja mwake nthawi yonseyo, choncho peresenti ya fulati imakhala yoona. Kusiyana kumabwera pamene mwayamba kubweza msanga, pang'onopang'ono. Kukhalanso kuti kubwezako n'kwa sabata ndi sabata, ndalama imachoka m'manja mwanu mofulumirirapo ndipo mtengo weniweni umakweranso.

Kuzindikira fulati sikufuna sukulu yambiri. Pemphani ndandanda wa kabwezedwe ka ngongole, pepala losonyeza mwezi uliwonse kuti zingati zikupita ku chiwongoladzanja ndi zingati zikudula ngongole. Ngati nambala ya chiwongoladzanja ndi yomweyomweyo kuyambira pamwamba mpaka pansi, imeneyo ndi fulati, kaya aitchula bwanji. Ikamatsika mwezi ndi mwezi, akuwerengera pa zotsala. Akakana kukupatsani pepalalo, chulukitsani ndalama ya pamwezi ndi chiwerengero cha miyezi, muchotsepo ndalama imene mulandiredi m'manja, ndipo chotsalacho ndiye mtengo wa ngongoleyo m'makwacha. Nambala imeneyi ndiyo yofananitsa pakati pa obwereketsa awiri, bola ndalama ndi miyezi zikhale zofanana.

Funso lina limene ndinauza mlamu wanga kuti akafunse linali lakuti: malonda akayenda, nditafuna kutseka ngongole yonse pakatha miyezi isanu ndi umodzi, ndidzalipira zingati? Mpamba wotsala pamenepo ndi K300,000. Koma pali mapangano a fulati amene amati chiwongoladzanja cha chaka chonse chinalowa kale m'buku tsiku losaina, choncho amafuna K68,000 kuchulukitsa ndi miyezi isanu ndi umodzi yotsalayo, K408,000. Kubweza msanga pamenepo sikukupulumutsirani ngakhale tambala. Mlamu wanga anapita kukafunsa, ndipo madzulo anandiimbira foni kuti wa pa kauntala wayankha kuti K408,000. Fomuyo idakali mu dirowa yanga, yosasaina.